Matola a Galimoto ya Buledi

Chaka chimene mwana wanga woyamba ankaphunzira kukwawa, ndinkagwira ntchito yochapa ndi kusita pa kahotela kena ku Senga Bay. Kanali kakang'ono, ka zipinda zochepa, koma zochapa sizinkatha. Mashiti, matawulo, nsalu za patebulo, malaya a anthu opereka zakudya, zonsezi zinkadutsa m'manja mwa anthu atatu: ineyo, mtsikana wina wa konko kunyanja, ndi amayi wotiyang'anira, amene tonse tinkangowatchula kuti amayi aakulu.

Ine sindinkakhala kunyanjako. Bambo a mwana anali atapita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya, ndipo atangotumiza kalata imodzi anakhala chete. Ndinabwerera kwa amayi anga, kufupi ndi tawuni ya Salima, mbali yolowera kwa Maganga. Nyumba za antchito pahotelapo zinali zodzaza, komanso ndikanapita kukakhala kumeneko mwana akanatsala ndi ndani? Choncho m'mawa uliwonse ndinkamuyamwitsa, n'kumupereka kwa agogo ake akadali ndi tulo, ine n'kuthamangira kumsewu.

Basi yoyamba yopita kunyanja inkanyamuka dzuwa litakwera kale, pomwe ife tinkayenera kukhala titanyika zochapa alendo asanadzuke. Chimene chinkandipulumutsa chinali galimoto ya buledi. Inali kapikapu kamene kankagona ku Salima, kwa adalaivala ake, ndipo m'mamawa kankanyamula buledi, ndiwo zamasamba ndi makalata a kupositi n'kupita nazo kuhotela. Adalaivalawo anali bambo wansangala, Msilamu wa kachipewa koyera. Ankaima pansi pa mtengo wa mango wa pamphambano, n'kukweza ife amene tinkadikira: ine ndi amayi anayi kapena asanu okapikula usipa, aliyense ndi dengu lake. Tinkalipira masheleni awiri. Ndalama zinali zitasintha kale kukhala makwacha ndi matambala, koma pakamwa pathu 20 tambala inali ikadali masheleni awiri. Madzulo ndinkabwerera pa basi, mtengo wake womwewo.

Malipiro anga anali K20 pamwezi. Sindinkafunika kukhala wophunzira kuti ndione kumene ndalamayo inkathera. Pakati pa mwezi ndinkayamba kubwereka, ndipo mwezi umene ndinagula makhadi a chipani, langa ndi la amayi, kuti tizitha kulowa mumsika ndi kukwera basi mosavutitsidwa, ndinasowa ngakhale ya sopo wochapira matewera. Ndinkakhala tsiku lonse manja ali m'thovu la sopo wa alendo, kunyumba matewera a mwana wanga akuchapidwa ndi madzi okha.

Amayi anandiuza mosabisa. “Mwanawe, iwe ukugwirira ntchito msewu. Ngati zili choncho, siya, uzindithandiza kumunda wa mpunga.”

Koma mpunga umabwera kamodzi pachaka, ndipo mwana amadwala nthawi iliyonse. Ntchito ija ndiyo inali chinthu chokhacho chimene ndinadzipezera ndekha.

Amayi aakulu ndi amene anandiuza za kalata. Tsiku lina anandipeza ndikudya chinangwa chouma kuseri kwa thanki ya madzi, pamene anzanga ankagula mandasi.

“Bwanji osapempha ya mayendedwe?” anatero. “Akalaliki a muofesi aja amalandira alawansi ya njinga. Iwe ndiye ukuchokera kutali kuposa onse.”

“Ndingayambe bwanji, amayi? Ine sindingathe kulankhula pamaso pa abwana.”

“Ndani wakuuza kuti ukalankhule? Zoterezi salankhula, amalemba. Unafika sitandade chani?”

“Folo.”

“Yakwana. Koma tamvera. Pamwamba ulembe kumene ukukhala ndi tsiku. Kenako ulembe kuti kwa abwana, kudzera kwa ine, chifukwa kalata siidumpha mutu wa amene akukuyang'anira. Unene mtunda umene umayenda patsiku, ndalama imene umalipira patsiku ndi pamwezi, ndi malipiro ako. Manambala akhale oona, abwana aja amawerengera ngakhale masupuni. Ndipo usalembe mawu oti kudandaula. Ulembe kupempha. Wamva? Wodandaula masiku ano sachedwa kutchedwa dzina lina.”

Ndinamva. Nthawi imeneyo munthu woonedwa ngati akusonkhezera anzake pantchito sankangochotsedwa chabe, nkhani yake inkatha kufika kwa anthu amene sunkafuna kuti adziwe dzina lako. Koma mantha anga aakulu anali ena. Ndinkaopa kuti abwana akaona mtundawo anena kuti, ngati kwanu n'kutali chonchi, kuno atsikana ofuna ntchito alipo ambiri, oyenda wapansi. Kalata yomweyo yopempha ikanatha kukhala yondichotsa.

Mtengo wa ulendo ndinkaudziwa, koma mtunda ayi. Kwathu ukafunsa kutalika kwa malo amakuuza kuti ukanyamuka tambala woyamba ukafika dzuwa lili apa. Zimenezo sizikanalembeka. Ndiye m'mawa wina, ndikupereka masheleni anga awiri pawindo, ndinalimba mtima.

“Adalaivala, kuchoka pano kukafika kuhotela ndi mtunda wotani?”

“Iii, achemwali alankhula lero! Mvula igwa. Mukufuna kuugula msewuwu?”

Amayi a usipa anaseka. Ine ndinayang'ana pansi.

“Chabwino, tiyeza,” anatero adalaivala, akugogoda ndi chala pa kagalasi ka manambala kutsogolo kwa chiwongolero. Titafika pageti anandiitana. “Mamailosi khumi ndi awiri, achemwali. Wallahi, sindinaonjezepo. Mukaugula msewuwu mundilembe ntchito yosesa.”

Ndinalemba kalatayo Lamlungu masana titabwera kutchalitchi, nditakhala pamkeka, pepala nditalitsamiritsa pa thireyi. Mwana ankakwawira cholembera, amayi n'kumamukoka mwendo. Mapepala awiri ndinawononga. Pepala lachitatu linatuluka chonchi, ndipo ndimalikumbukira chifukwa masiku otsatirawo ndinalibwereza mumtima kosawerengeka:

“Bwana, ndalemba kalatayi modzichepetsa kupempha thandizo la ndalama ya mayendedwe. Ine ndimagwira ntchito yochapa ndi kusita. Ndimakhala ku Salima chifukwa ndili ndi mwana woyamwa amene amatsala ndi amayi anga. Kuchoka kwathu kufika kuno ndi mamailosi 12, kupita ndi kubwera mamailosi 24 tsiku lililonse. M'mawa ndimalipira 20 tambala matola a galimoto ya buledi. Madzulo ndimalipira 20 tambala pa basi. Patsiku ndi 40 tambala. Masiku 26 a ntchito ndi K10.40. Malipiro anga ndi K20. Ntchito yanga ndimaikonda ndipo sindinajombepo. Ndidzathokoza chilichonse chimene mungandiganizire. Ine wantchito wanu womvera.”

Ndinawerengera ndi njere za chimanga kawiri kuti nditsimikize K10.40 ija. Ndinamata emvulopu ndi phala, chifukwa guluu wake anali atauma.

Lolemba ndinapereka kalatayo kwa amayi aakulu. Anali otanganidwa, alendo ambiri anali atachoka Lamlungu ndipo mashiti anali mulu. Anangolemba dzina lawo pakona ya emvulopu, osatsegula, n'kupita nayo kuofesi. Masana, tikusita, anandifunsa.

“Tandiuza, unalemba zotani?”

Ndinayamba kunena pamtima ngati mwana wa sukulu. Nditafika pa matola a galimoto ya buledi, amayi aakulu anaimika simbi.

“Bwereza.”

Ndinabwereza.

“Mayo ine! Mwana iwe, galimoto ya buledi ndi ya ndani?”

“Ya kuno.”

“Nanga matola n'chiyani?”

Kwa ine matola anali galimoto iliyonse imene si basi koma umalipira. Ndinakula ndikumva choncho: wabwera pa basi kapena pa matola? Sindinaganizepo kuti ndi chinthu chobisa. Aliyense pahotelapo ankationa tikutsika, ngakhale kuti amayi a usipa ankatsikira patali pang'ono ndi geti, ndipo ine ndinkayesa kuti n'chifukwa choti njira ya kudoko inali pamenepo.

“Matola ndi kuba mafuta a abwana,” anatero amayi aakulu motsitsa mawu. “Apolisi akakupeza ndi mlandu. Tonse timadziwa, koma palibe amene analembapo. Iwe wawauza abwana, ndi dzanja lako, kuti dalaivala wawo amagulitsa malo m'galimoto yawo. Ndipo dzina langa lili pa emvulopu.”

Ndinamva fungo la kupsa. Simbi yanga inali itakhala pa pilo. Ndinaichotsa msanga, koma chizindikiro chofiirira chinali chitatsala.

“Ndikaitenge kalatayo,” ndinatero.

“Ukaitenge kuti? Ndawapatsa m'manja, atsegula ine ndili pomwepo.”

Madzulo amenewo pa basi sindinaone chilichonse cha m'njira. Ndinkangowerenga njira zimene ntchito ikanandithera. Abwana akanatha kunena kuti ndinkathandiza kuba. Akanatha kuchotsa adalaivala, ndiye ine m'mawa ndikanakwera chiyani? Kapena adalaivala akanakana, n'kunena kuti ndine wabodza, ndipo pakati pa bambo amene wagwira ntchito zaka zambiri ndi mtsikana wochapa, akanakhulupirira ndani? Kunyumba mwana anakana bere, ngati kuti mkaka unali utawawa.

Lachiwiri galimoto inaima pamango monga mwa masiku onse. “Eni msewu afika!” anafuula adalaivala. Ndinapereka masheleni awiri. Za kalata ija sindinawauze. Ndinakwera kumbuyo, n'kukhala pakati pa matumba a kabichi. Tsiku lonse palibe anandiitana. Nthawi iliyonse chitseko cha kochapira chikatseguka, ndinkayesa kuti abwera kudzanditenga. Amayi aakulu sanandilankhule kupatula za ntchito.

Lachitatu sindinathe kupirira. Titafika pageti, amayi a usipa atatsika kale, ndinaima pafupi ndi windo.

“Adalaivala, ndalakwa.”

“Mwaba buledi?”

Ndinawafotokozera, maso ali pa tayala. Sanandidule mawu. Nditamaliza anavula kachipewa kawo, n'kukayang'ana mkati ngati muli yankho.

“Ndiye mtunda uja munkafunira zimenezi. Ndinakuyezerani ndekha.” Anaseka pang'ono, koma sikunali kuseka. “Achemwali, ine ndili ndi ana asanu ndi mmodzi. Mukudziwa malipiro a dalaivala?”

“Sindinadziwe kuti n'zobisa.”

“Simunadziwe. Chabwino. Tamverani, akakuitanani munene kuti munkanena galimoto ina, ya kubekale, imene imaperekera buledi m'magolosale. Mwamva? Galimoto za buledi n'zambiri.”

Ndinagwedeza mutu, koma sindikudziwa ngati ndinavomera kapena ndinakana. Ya kubekale inkadutsa masana, ndipo abwana ankadziwa zimenezo kuposa ine. Akanandigwira bodza pa mzere umodzi, manambala ena onse a m'kalatamo akanasanduka bodza.

Anandiitana Lachisanu, nthawi ya tiyi. Ndinapukuta manja pa chitenje, koma anakhalabe onyowa. Muofesimo ndinali ndisanalowemo chiyambire. Munali tebulo lalikulu, chithunzi cha mtsogoleri wa dziko pakhoma, ndi fani imene inkatembenuza mutu uku ndi uku. Ndinagwada pafupi ndi chitseko.

“Khalani pampando, mayi,” anatero abwana. Anali bambo wochepa thupi, wa magalasi, wosakweza mawu. Ndinakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando. Kalata yanga inali patebulo, ndipo manambala ena anali atawadula mzere kunsi ndi inki yofiira.

“Mwalemba nokha?”

“Eya, bwana.”

“Palibe amene anakutumani? Anzanu kochapira sakudikira kuti aone ngati zitheke, nawonso abweretse zawo?”

“Ayi, bwana. Ena onse amakhala konkuno.”

“Mamailosi khumi ndi awiri. Ndayang'ana m'buku la galimoto, ndi oona. Munawadziwa bwanji?”

“Ndinafunsa, bwana.”

“Mwawerengeranso bwino. Koma mukudziwa kuti pageti pamabwera atsikana a m'midzi yomweyi kudzafunsa ntchito? Amene sangandipemphe ya basi?”

“Ndikudziwa, bwana.”

Apa ndinaona kuti zatha. Ndinayamba kuganiza za munda wa mpunga, ndi mmene ndikawauzire amayi. Mawere anayamba kulasa, nthawi yoyamwitsa inali itakwana, ndipo ndinapinda manja pachifuwa kuti mkaka usaonekere pa diresi.

“Tsopano apa,” anatero, chala chili pa mzere uja. “Galimoto ya buledi. Ndi iti?”

Mawu a adalaivala anali m'khutu, ana asanu ndi mmodzi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za kubekale, koma lilime linakana. Sikuti ndinali wolimba mtima. Ndinali wamanyazi kwambiri moti bodza pamaso pa munthu wamkulu silikanatuluka bwino.

“Ndi ya kuno, bwana.”

“Ndipo mumalipira.”

“Zimene ndalembazo ndi zimene ndimalipira.” Kenako mawu ena anatuluka okha, mothamanga, ndisanawaganize. “Koma bwana, popanda iwo aja ine ntchito ino ndikanasiya kalekale. Basi imafika mochedwa. Sanandisiyepo pamsewu, ngakhale tsiku limene ndinalibe ndalama ananditenga. Ine ndinalemba kuti ndipemphe, sindinalembe kuti ndinenere munthu. Mawuwo ndimayesa ndi dzina chabe la galimoto.”

Ndinali ndisanalankhulepo mawu ambiri chotero kwa munthu wamwamuna amene si m'bale wanga. Abwana anavula magalasi n'kutikita maso.

“Mayi, mukuganiza kuti buledi wanga akafika akununkha usipa, ine mphuno ndilibe? Nkhani ya pakamwa munthu umatha osaimva. Koma mwaiika papepala, ndipo pepalali liyenera kupita kwa eni hotela kuti avomereze ndalama. Ndiye ndiyenera kuliyankha lonse.”

Anatenga cholembera. “Pitani mukagwire ntchito. Mudzamva.”

Sindinamve tsiku limenelo, kapena sabata yotsatira. Adalaivala anaitanidwa Loweruka, ndipo anatuluka muofesi osayang'ana kumbali. Lolemba anaima pamango n'kuuza amayi a usipa kuti basi, galimoto yaletsedwa kunyamula anthu akunja. Ine anangondilozera kumbuyo ndi chala chachikulu, ndalama anakana ndi dzanja. Amayiwo anatsala ndi madengu awo, ndipo mmodzi anafuula galimoto ikunyamuka: “Pitani bwino, alembi! Mukatilembereko nafenso!” Dzina limenelo linandikakamira mumsika kwa nthawi yaitali. Ankanena zoona. Chifukwa cha ine amayiwo ankafika kudoko usipa wabwino utapikulidwa kale.

Masiku amenewo ndinkagwira ntchito ngati munthu woyenda pa ulalo wa mtengo umodzi. Sindinkadziwa ngati kukwera ulere kuja kunali yankho, kapena ankangodikira kuti mwezi uthe andipatse malipiro otsiriza. Mtsikana wina wachilendo anabwera pageti n'kulankhula ndi alonda, ine ndinamuyang'ana mpaka anachoka. Amayi aakulu anayambanso kundilankhula, koma nawonso sankadziwa kanthu.

Yankho linabwera pa tsiku la malipiro. Akalaliki anandipatsa emvulopu yanga, ndi kapepala kotayipa kuti ndisainire. Ndinawapempha kuti andiwerengere, chifukwa ndi mantha maso anga sankaona bwino. Kanati m'mawa ndiziyenda pa galimoto ya hotela mosalipira, monga wantchito. Kanati pa ulendo wa madzulo ndizilandira 20 tambala pa tsiku lililonse limene ndagwira ntchito, ndipo ndizisunga matikiti a basi n'kumawapereka kuofesi pakutha pa mwezi. Tsiku lopanda tikiti, palibe ndalama.

“Ndiye ntchito ndikadali nayo?” ndinafunsa.

“Nanga matikitiwo muzikwera basi yochokera kuti?” anatero akalaliki. “Sainani apa, pali anthu pambuyo panu.”

Ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa thanki ya madzi. Amayi aakulu anandipeza komweko. Anandiuza kuti adalaivala sanachotsedwe, anapatsidwa kalata ya chenjezo, ndipo ina ikadzabwera ndiye kuti apita. Anandipatsa kachitini kopanda kanthu ka mankhwala opaka nsapato. “Uziikamo matikiti. Ukawasunga m'chitenje udzawachapa.”

Chimene chinatsala chinali pamango. Kuyambira tsiku limene analetsedwa, adalaivala sanandilankhulepo, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaima ndekha pansi pa mtengo uja ndikuganiza kuti lero adutsa osaima, akanene kuti sanandione. Ankaima ndithu, koma patsogolo pang'ono, kuti ndithamange. Ndinkathamanga.

M'mawa wa Lolemba lotsatira malipiro aja, mwana anali atandivutitsa ndi mano, ndipo ndinafika pamsewu mutu uli kwina. Galimoto itaima, ndinapita pawindo ngati kale, n'kutambasula dzanja lili ndi masheleni awiri. Ndinazindikira dzanja lili kale m'kati.

Adalaivala anayang'ana ndalamayo, n'kundiyang'ana ine.

“Bwezani m'chitenje, achemwali. Mungakalembenso.”

Kenako anatsegula chitseko cha kutsogolo, n'kuchotsa thumba la makalata pampando.

“Lowani kuno. Kumbuyoko mukundiphwanyira buledi.”